Mzimbe umodzi, ana atatu: momwe ndinalemberanso sewero la kanema wa Sande sukulu

Papita nthawi, koma mawu a kamtsikana kena a m'kalasi langa la Sande sukulu sanandichoke m'makutu. Kanawanena mosaganiza zoipa, kakumwetulira, dzanja lili m'mwamba: "Aphunzitsi, wosauka akhale Yamikani, ndi amene akufanana naye." Yamikani si dzina lake lenileni la mnyamatayo, ndangomupatsa pano. Koma zimene zinachitika Lamulungu limenelo, m'mwezi wa Juni 2023, kuseri kwa tchalitchi chathu kufupi ndi Chitakale ku Mulanje, ndi zenizeni, ndipo ndi zimene zinandichititsa kung'amba sewero limene ndinali nditalilemba kwa masabata awiri.

## Sewero loyamba

Tinagwirizana aphunzitsi anayi kuti tijambule kanema wamfupi wophunzitsa ana kugawana, woti tizitumizirana pa WhatsApp ndi makolo komanso ndi anzathu a m'mipingo ya kumidzi amene alibe mabuku. Ntchito yolemba inagwera ine.

Ndinalemba zimene ambirife timalemba. Mwana wa pabanja lopeza bwino wabwera ndi mandasi asanu. Mwana wosauka, wa malaya ong'ambika, wakhala patali akumeza malovu. Wopezayo akumumana. Kenako aphunzitsi akufika, akuwerenga za kamnyamata ka pa Yohane 6 kamene kanali ndi mikate isanu ya barele ndi tinsomba tiwiri, womana uja akulapa, akugawa, ndipo pofika kunyumba akupeza amalume ake abwera kuchokera ku Limbe ndi nsapato zatsopano. Pamapeto ndinaika mwambi wakuti kupatsa n'kuika. Masamba anayi a kope, anthu olankhula 7, nyimbo ya ndime zitatu. Ndinkaona ngati ndagwira ntchito.

## Lamulungu logawa mbali

Ana analipo opitirira 30, a zaka zapakati pa 5 ndi 10. Kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene kamabisa phiri lonse mpaka osaona ndi mathanthwe omwe, ndiye tinapanikizana pakhonde. Ndinawawerengera sewero lonse, kenako ndinafunsa amene akufuna kukhala mwana wa mandasi. Manja onse m'mwamba. Ndinafunsa wa aphunzitsi, wa amalume, manja anali ambiri. Nditafunsa wa mwana wosauka, khonde lonse linangoti zii.

Ndi pomwe kamtsikana kaja kanalankhula. Ana ena anatembenuka kuyang'ana Yamikani, ndipo awiri kapena atatu anavomereza ndi mutu.

Yamikani anali ndi zaka 9. Nyumba yawo inagwa ndi namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, ndipo anakhala masabata angapo pamsasa wa pasukulu ina asanasamukire kwa agogo ake. Ana onsewo ankadziwa zimenezi. Ankadziwanso kuti juzi imene anavala tsikulo inali yolandira. Iye sanalire. Anangoweramitsa mutu n'kuyamba kukanda simenti ndi chala chachikulu cha kuphazi, ndipo patapita kanthawi anati, motsitsa mawu, "Chabwino, ndikhala ine."

Mawu akuti chabwino amenewo ndi amene anandilasa. Mwanayo anali atazolowera kale kuima pamzere, kulandira, n'kujambulidwa akulandira. Ndipo ine, mphunzitsi wake, ndinali nditamulembera mzere wina woti aimepo, pamaso pa foni ina, kuti makolo a mpingo wonse azimuonera m'manyumba mwawo. Kamtsikana kaja sikanalakwe. Ndine amene ndinabwera ndi chipewa cholembedwa kuti wosauka, ana anangoyang'ana mutu woti chikwane.

Ndinati tipitiriza sabata yamawa. Sabata yamawayo Yamikani sanabwere. Inayonso sanabwere.

## Zimene ndinapeza nditaliwerenganso

Usiku wa Lamulungu lachiwirilo ndinatenga kope lija n'kuliwerenga ngati mwana wa zaka 6, wosadziwa kumasulira, wongokhulupirira zimene maso aona. Mwana wotere akaonera kanema wanga akanatola chiyani?

Akanatola kuti padziko pali anthu a mitundu iwiri, opatsa ndi olandira, ndipo phunziro la kugawana ndi la opatsawo. Mwana amene kwawo kulibe mandasi akanaonera mphindi zonsezo osapezamo chochita, kupatula kukhala pakona n'kudikira chifundo. Chonsecho ana a kwathu kuno amagawana tsiku ndi tsiku, ndipo amene amagawana kwambiri nthawi zambiri ndi omwe ali ndi zochepawo: kachidutswa ka chinangwa, theka la pensulo, chitenje chimodzi chofunda awiri pa chiperoni.

Akanatolanso kuti ukagawa mandasi umalandira nsapato. Apa ndi pamene ndinalimbana napo kwambiri, chifukwa mwambi wa kupatsa n'kuika ndimaukonda ndipo ndi woona pakati pa akuluakulu, amene amadziwa kuti zoikazo zimabwera patapita zaka, mwina m'njira ina. Koma mwana wa zaka 6 amaumva monga malonda a pa Limbuli: ndapereka, bweretsani. Akagawa Lolemba kusukulu, n'kufika kunyumba osapeza amalume, adzati aphunzitsi anandinamiza. Nkhani ya mikate isanu nayonso, ikafotokozedwa mothamanga m'kanema wamfupi, imagwera m'dzenje lomwelo. Mwana amakumbukira mitanga 12 ya zotsala, n'kuiwala kuti kamnyamata kaja kanapereka kasanaone mtanga ndi umodzi womwe. Nkhaniyo imafuna phunziro lakelake la Lamulungu lathunthu. Mkulu wina wa mpingo, bambo amene ndimawalemekeza, sanagwirizane nane pa kuichotsa, ndipo mpaka pano timasiyana maganizo. Ine ndinasankha Ahebri 13:16, vesi limene limati tisaiwale kuchita zabwino ndi kugawira ena, n'kutchula zimenezo kuti nsembe zokondweretsa Mulungu. Liwu lakuti nsembe ndi limene ndinkalifuna. Nsembe imachoka m'manja mwako osabwerera.

## Kwa agogo

Lachitatu ndinapita kwa agogo a Yamikani. Ndinawapeza akusenda chinangwa pabwalo. Titapatsana moni ndinawauza zonse mosabisa, ndipo ndinapepesa. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Aphunzitsi, mwachita bwino kubwera. Mwanayu anangoti mutu ukumupweteka." Anamuitana kudimba. Anabwera atanyamula mzimbe wautali paphewa, azisuweni ake awiri ang'onoang'ono akumutsatira, aliyense akukuwa kuti iye apatsidwe kutsinde.

Ndinakhala pamkeka kuonerera mkangano umenewo. Palibe mwana wa ku Mulanje kapena ku Thyolo amene amafunika kuuzidwa kuti mzimbe umazuna kutsinde, kuti ukamakwera umanka nusukuluka, ndipo kunsonga n'kwa madzimadzi. Yamikani anauthyola pabondo, n'kupatsa wamng'ono kwambiri nsonga. Kamwanako kanaluma kamodzi, kanakwinya nkhope, n'kuyamba kulira. Agogo osadzutsa n'komwe mutu anati, "Iwe, kupatsa mnzako chimene wachikana wekha si kugawa kumeneko."

Sewero lonse linali pamenepo. Ndinalilemba usiku womwewo pa tsamba limodzi.

## Sewero lachiwiri, monga tinalijambulira

Olankhula ndi anayi okha: wofotokoza ndi ana atatu. Onse atatu avala mofanana, zovala zawo za masiku onse. Palibe wolemera, palibe wosauka. Malo ndi amodzi, pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinayamba ndi mawu oyambira nthano chifukwa mwana aliyense amadziwa choyankha, ndipo woonera pa foni amapezeka wayankha nawo.

Wofotokoza: Padangokhala!

Ana onse: Tili tonse!

Wofotokoza: Padali mwana dzina lake Tadala. Tsiku lina agogo ake adamupatsa mzimbe.

(Tadala akulowa ndi mzimbe, akuyang'ana uku ndi uku, akukhala kuseri kwa mtengo. Chisomo ndi Mphatso akutulukira.)

Chisomo: Tadala, tigawireko.

Tadala: Ndi wanga. Andipatsa ndi agogo.

Mphatso: Pang'ono pokha.

(Tadala akuyang'ana kutsinde, kenako kunsonga. Akuthyola nsonga n'kuwapatsa.)

Tadala: Nayi. Ndakugawirani.

(Mphatso akuluma, akupatsira Chisomo, nayenso akuluma.)

Mphatso: Sukuzuna.

(Onse chete. Tadala akudya tsinde yekha. Akuyang'ana anzake. Akusiya kutafuna.)

Wofotokoza: Tadala wagawa kapena sanagawe?

(Chithunzi chiime masekondi asanu.)

Tadala: Bweretsani nsongayo.

(Akuthyola tsinde patatu. Akupatsa Chisomo, akupatsa Mphatso, kotsalako n'kwake. Nsonga akuiika pakati.)

Chisomo: Koma kwako kwachepa.

Tadala: Eya, kwachepa. Tiyeni tidye.

Wofotokoza: Mawu a Mulungu pa Ahebri 13:16 amatiuza kuti tisaiwale kugawira ena, pakuti nsembe zotere zimakondweretsa Mulungu.

Kenako nyimbo. Basi.

Mzere umene ndimaunyadira ndi wa "Eya, kwachepa." Mphunzitsi mnzanga anafuna kuti Tadala anene kuti palibe kanthu, kapena kuti mtima wanga wasangalala. Ndinakana. Mwana amadziwa kuti ukagawa patatu kwako kumachepa, ndipo kanema akamubisira zimenezo amasiya kumukhulupirira. Tadala avomereze kuti kwachepa, adye kochepako pamodzi ndi anzake, nkhope yake ionetse yokha zimene zili mumtima.

Masekondi asanu a chete aja nawo ali ndi ntchito. Ndi malo amene mphunzitsi kapena kholo lingaimitse kanema n'kusiya ana akangane. Ndipo amakanganadi. Ena amati wagawa chifukwa wapereka, ena amati ayi chifukwa wapereka zoipa. Funsolo likanayankhidwa ndi wofotokoza, phunziro likanakhala la wofotokozayo. Ndinachotsanso aphunzitsi m'nkhaniyo pa chifukwa chomwecho. M'sewero loyamba mwana ankasintha chifukwa wamkulu wamupeza. M'lachiwirili akusintha chifukwa wayang'ana nkhope za anzake, ndipo kusukulu kapena kudambo, kumene kulibe wamkulu, nkhope zimenezo ndi zomwe adzakhale nazo.

Muonanso kuti palibe mwana amene akulankhula mawu opitirira asanu pa mpweya umodzi. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo mwana akaloweza chiganizo chachitali amachinena ngati ndakatulo ya pa asembule, maso ali kudenga. Zonse zofuna kufotokoza ndinazisenzetsa wofotokoza, amene ndi wamkulu ndipo saoneka pachithunzi.

## Nyimbo

Nyimbo yoyamba ija ya ndime zitatu ndinaiyesa kamodzi. Ana a zaka 9 ndi 10 anaigwira, ang'onoang'ono ankangotsegula pakamwa. Yachiwiri ndinaipanga ya woyambitsa ndi ovomera, monga nyimbo za m'nthano ndi za masewera a pabwalo. Ovomera ali ndi liwu limodzi lokha.

Woyambitsa: Mzimbe ndi umodzi
Onse: Tigawane!
Woyambitsa: Tilipo atatu
Onse: Tigawane!
Woyambitsa: Tsinde ndi lozuna
Onse: Tigawane!
Woyambitsa: Nsonga adye ndani?
Onse: Tigawane!
Woyambitsa: Tonse tilaweko
Onse: Tigawane!
Woyambitsa: Mulungu akondwa
Onse: Tigawane!

Werengani ndi zala mizere ya woyambitsa, mupeza kuti uliwonse uli ndi maphatikizo 6. Mzere wachiwiri poyamba unali "Ife tili atatu", wa maphatikizo 7, ndipo nthawi zonse ana ankapunthwa pamenepo, m'manja n'kusokonekera. Nditausintha kukhala "Tilipo atatu" vuto linatha. Chinanso n'chakuti polankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: u-MO-dzi, a-TA-tu, lo-ZU-na, tiga-WA-ne. Nyimbo ikakoka pomwepo, imagona bwino pakamwa. Ikakoka pa phatikizo lomaliza, mawu amamveka achilendo ndipo ana amayamba kuwameza. Sindidziwa kulemba manotsi, choncho ndinalankhula mizereyo mokweza kambirimbiri ndikuomba m'manja mpaka mayimbidwe anatuluka okha m'kalankhulidwe.

Pa "Tigawane" ana amachita ngati akuthyola chinthu pabondo, kenako n'kutambasulira mnzawo manja. Wa zaka 4 amene sangatchule bwino mawu amachita nawo ndi manjawo. Nyimbo yonse, kuibwereza kawiri, imatenga masekondi osakwana 50. Ndipo mzere woyamba umasinthika: "Buku ndi limodzi", "Mpira ndi umodzi", onse ndi a maphatikizo 6. Kumene kulibe mzimbe angaikepo china.

## Tsiku lojambula

Tisanajambule ndinayendera makolo a ana atatuwo mmodzimmodzi, n'kuwauza momveka kuti kanema akalowa pa WhatsApp sabwerera, angafike kwa anthu amene sitiwadziwa. Banja lina linakana, ndipo tinasankha mwana wina popanda kufunsa chifukwa. Mayina enieni a ana sitinawalembe paliponse m'kanemayo.

Poyamba ndinaganizapo zogwiritsa ntchito nanazi, poti kwathu kuno ndi wosasowa. Koma nanazi amafuna mpeni, ndipo ana amatengera zimene aona m'manja mwa mwana mnzawo. Mzimbe umathyoka pabondo. Komabe tsinde ndi lolimba kwa mwana wa zaka 9, ndiye mkulu wina analitema pang'ono mozungulira pa mfundo ziwiri tisanayambe, kuti likangokhudza bondo lithyoke. Tinagula mizimbe inayi, chifukwa wothyoka sulumikizika ndipo chithunzi chothyolacho tinachibwereza katatu.

Chimene chinativutitsa ndi mawu. Ulendo woyamba wojambula anaima patali kuti mtengo wonse ndi phiri zioneke. Chithunzi chinakongola, koma tikumvetsera tinangomva mphepo ndi njinga zamoto za kabaza pamsewu. Liwu la "Sukuzuna", limene nkhani yonse yatsamirapo, silinamveke. Tinasendeza foni kufika masitepe awiri kuchokera pa ana, tinaiika pampando yotsamira mabuku kuti isagwedere, ana atayang'ana kumene kukuchokera kuwala, ndipo phiri tinalisiya. Mukajambula chidutswa, chimvetsereni pomwepo pa sipika ya foniyo, osati pa mahedifoni, chifukwa makolo adzamvera pa sipika, mwina ana asanu ataunjikana pa foni imodzi. Nyimbo tinaijambula payokha m'kati mwa tchalitchi, popanda ng'oma. Ng'oma ikakhala pafupi ndi foni imameza mawu onse. M'manja mokha munakwana.

Kanema yense anakwana mphindi 2 ndi masekondi 40. Ndinaumirira kuti asafike mphindi 3 chifukwa cha bandulo. Kholo likaona kuti kanema ndi wolemera silimutsegula, ngakhale akhale wabwino bwanji.

## Amene anakhala Tadala

Pogawa mbali ulendo wachiwiri sindinafunsenso kuti ndani akufuna kukhala ndani pagulu. Ndinalankhula ndi Yamikani payekha kwa agogo ake, n'kumuuza kuti nkhaniyi ndaitenga pa iye ndi azisuweni ake, choncho ali ndi ufulu wosankha mbali iliyonse, kapena kukana zonse. Anafunsa funso limodzi: "Mwini mzimbe ndi ndani?" Ndinati Tadala. Anati, "Ndikhala ameneyo."

Pa chithunzi chosiya kutafuna chija ndinali nditamuuza kuti awerenge mpaka katatu mumtima, kenako alankhule. Iye anakhala nthawi yaitali kuposa pamenepo. Anayang'ana tsinde, anayang'ana Mphatso, anayang'ananso tsinde, madzi a mzimbe akutsika pachigongono. Wojambula anandiyang'ana kuti aimitse, ine ndinapukusa mutu. Chidutswa chimenecho ndi chomwe chili m'kanemayo, sitinachidule.

Lamulungu lotsatira tinaonetsa kanemayo pakhonde lomwe lija, foni itatsamira pa Baibulo pamwamba pa mpando. Pa funso la wofotokoza ndinaimitsa. Kamtsikana kaja kanali koyamba kukweza dzanja. "Sanagawe, aphunzitsi. Wangotaya nsonga." Mnyamata wina kumbuyo anatsutsa kuti nsonga nayonso ndi mzimbe, ndipo mkangano unabuka. Yamikani anali atakhala kutsogolo, msuweni wake wamng'ono uja ali pamiyendo, ndipo anatembenuka n'kuwauza onse kuti akhale chete aone zimene achite.